Kusanja phunziro la Chilembwe pa mzere wa zaka

Mphunzitsi wa mbiri sakamba nkhani potsata kalendala. Pophunzitsa za kuukira kwa John Chilembwe, akhoza kuyamba ndi usiku wa pa 23 Januwale 1915, n'kubwerera kwa Joseph Booth, n'kulumphira ku thangata, kenaka n'kukumbukira za nkhondo ya ku Karonga nthawi itatsala pang'ono kutha. Wophunzira amatuluka ndi manotsi odzaza masamba, koma mukamufunsa chimene chinayambitsa chinzake amangokanda m'mutu.

Ntchito yoyamba ndi yosavuta. Tolani chilichonse chokhala ndi chaka m'manotsimo, mulembe pa kapepala kakekake, musanje. Booth afika kuno mu 1892. Mu 1897 atengana ndi Chilembwe kupita ku Amereka. Mu 1900 Chilembwe abwerera n'kukhazikitsa mishoni ya Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mu Ogasiti 1914 nkhondo yaikulu iyamba, mu Sepitembala asilikali amenyana ku Karonga, mu Novembala Chilembwe alembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula za anthu akuda ofera nkhondo ya eni. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake aukira ku Magomero n'kupha William Jervis Livingstone, ndipo pa 3 Febuluwale iye mwini aphedwa. Madeti onsewa atsimikizeni m'buku, poti khutu limanama: ambiri amalemba 15 Januwale, tsiku la tchuthi chokumbukira Chilembwe, ngati tsiku la kuukirako.

Mukasanja chonchi muona kuti thangata lasowa pokhala. Lilibe tsiku. Msonkho wa nyumba nawonso ulibe, chimodzimodzi kubwera kwa Alomwe kuchokera ku Mozambiki kudzakhala m'minda ya azungu. Zinthu zotere zinkachitika kwa zaka zambiri, choncho musazipatse kadontho. Zijambuleni ngati mizere italiitali pansi pa mzere wa zaka, uliwonse kuyambira pomwe chinthucho chinayamba kufika pomwe chinathera. Amene amazisiya chifukwa chosowa deti amatsala ndi chithunzi chonama, chooneka ngati nkhondo ya 1914 ndiyo yokha inabala kuukira.

Tsopano mivi, ndipo apa m'pofunika kudekha. Muvi umachoka pa choyambitsa kuloza pa chotsatira, koma kutsogola pa kalendala sikupatsa chinthu ufulu wolandira muvi. Musanaujambule dzifunseni kuti, kukadapanda ichi, kodi icho chikadachitika momwe chinachitikiramo? Mukatero lembani pa muviwo mawu ochepa onena njira yake. Kuchokera pa mzere wa thangata kupita pa 23 Januwale mungalembe kuti: anthu okhala m'minda ya A. L. Bruce ankagwira ntchito m'malo mwa lendi, Livingstone ankawazunza ndiponso sankalola matchalitchi a Chilembwe m'mindamo, n'chifukwa chake nyumba yake ndiyo inalondoledwa. Muvi umenewo ndi wolimba, chifukwa ukufotokoza ngakhale malo amene anthu anaukira.

Yesani tsono kujambula muvi kuchokera pa 1892 molunjika ku 1915. Mulembapo chiyani? Kuti Booth anaphunzitsa Chilembwe zoti Afirika ndi wa Aafirika? N'zoona, koma pakati pali zaka 23, ndipo kwa zaka zambiri mwa zimenezo Chilembwe ankamanga sukulu ndi tchalitchi, osati kusonkhanitsa mikondo. Ine muvi wa Booth ndimauimika pa 1897 ndi 1900, pamene dzanja lake likuoneka bwino. Wopita ku 1915 ndimaujambula wodukizaduka, kusonyeza kuti apa akatswiri akhoza kutsutsana. Ngati mphunzitsi ananena kuti “ena amati”, mawu amenewo asatayike posanja.

Zotsatira nazo zimafuna mayeso omwewo. Kuphedwa kwa otsatira Chilembwe ndi kugumulidwa kwa tchalitchi cha ku Mbombwe zinadza pompopompo. Lipoti la komiti yofufuza linatuluka mu 1916 ndipo linadzudzula kayendetsedwe ka minda ya Bruce. Mishoni inatsegulidwanso mu 1926 ndi Dr. Daniel Malikebu. Koma muvi wochoka pa 1915 kulumpha mpaka pa ufulu wa 1964 ndi wokoma m'maso chabe, pokhapokha mutaonetsa masitepe a pakati.

Pepala likhale lopingasa, ndipo masiku a pakati pa 23 Januwale ndi 3 Febuluwale muwapatse kabokosi kawokawo, apo ayi adzapanikizana pa kadontho kamodzi. Mukamaliza, phimbani manotsi, muyambe pa 23 Januwale n'kutsata mivi chobwerera m'mbuyo mukulankhula mokweza. Pamene pakamwa pangotuluka “kenaka” m'malo mwa “chifukwa”, muvi wa pamenepo ufufuteni kapena mukafunsenso mphunzitsi.