Tageti wakwanitsa, koma ndalamazo wazibweretsa bwanji?

Mu Seputembala 2016, banki ya Wells Fargo ya ku Amerika inalamulidwa kulipira chindapusa cha madola 185 miliyoni. Mlandu wake unali wakuti antchito a bankiyo ankatsegulira makasitomala maakaunti ndi kuwatulutsira makhadi a ngongole eni ake osadziwa. Poyamba zinamveka kuti maakaunti okayikitsa anali pafupifupi 2 miliyoni, koma kafukufuku wa mu 2017 anakweza chiwerengerocho kufika pa 3.5 miliyoni. Antchito pafupifupi 5,300 anali atachotsedwa kale, ndipo mkulu wa bankiyo, John Stumpf, anatula pansi udindo mu Okutobala 2016.

Antchito zikwizikwi sangagwirizane zoipa tsiku limodzi popanda chowakankha. Chinawakankha chinali mlingo umene ankawayezera. Banki inkafuna kuti banja lililonse likhale ndi zinthu zisanu ndi zitatu zochokera ku bankiyo, monga akaunti yosungira ndalama, khadi ndi ngongole, ndipo wantchito aliyense anali ndi tageti yoti akwanitse. Wokwanitsa ankatamandidwa, wolephera ankaopa kutha kwa ntchito. Makhalidwe abwino anali olembedwa m'mabuku a kampani, koma pa tsiku lounika ntchito chinkamveka kwambiri chinali chiwerengero. Nkhani itaphulika, bankiyo inathetsa matageti a malonda kwa antchito a m'nthambi zake.

Vuto limeneli silifuna banki yaikulu kuti lionekere. Limabisala pa fomu iliyonse younikira ntchito ya wogulitsa malonda, pamene bwana amakhala pansi kumapeto kwa chaka kuti apereke malikisi. Makampani ambiri amagawa fomuyo pawiri: mbali ya zimene munthu wagulitsa, ndi mbali ya mmene wagwirira ntchito. Kawirikawiri mbali yoyamba imapatsidwa gawo lalikulu, tinene 70 peresenti, ndipo yachiwiri imatsala ndi 30. Pa pepala zimaoneka zachilungamo. Tiyeni tiwerengere limodzi tione.

Tiyerekeze kampani yopikulitsa sopo ndi mafuta ophikira m'magolosale. Ili ndi ogulitsa awiri, bambo ndi mayi, aliyense tageti yake K50 miliyoni pa chaka. Malikisi amachokera pa 1 kufika pa 5. Wofika pakati pa 90 ndi 104 peresenti ya tageti amapeza 3, ndipo wodutsa 120 peresenti amapeza 5.

Bamboyu wagulitsa katundu wa K65 miliyoni, ndiye kuti 130 peresenti, malikisi 5. Koma madandaulo alipo. Eni magolosale angapo akuti anawalonjeza mtengo wotsika umene kampani sinavomereze. Kawiri konse walowa m'dera la mnzake n'kulemba maoda m'dzina lake. Pa khalidwe bwana wamupatsa 2. Mayiyu wagulitsa K47.5 miliyoni, 95 peresenti, malikisi 3. Malipoti ake amafika pa nthawi, makasitomala ake amabwereza maoda, ndipo ndi iye anaphunzitsa mnyamata watsopano ntchito. Pa khalidwe wapeza 5.

Tikachulukitsa, bamboyu akupeza 3.5 pa malonda ndi 0.6 pa khalidwe, zonse pamodzi 4.1. Mayiyu akupeza 2.1 ndi 1.5, zonse 3.6. Bonasi yapita kwa bambo uja. Ngakhale bwana akanamupatsa 1 pa khalidwe, malikisi otsikitsitsa pa fomu yonse, akanapezabe 3.8 n'kuposa mayiyo. Tanthauzo lake n'lakuti pa fomu imeneyi palibe khalidwe loipa limene malonda ambiri sangalikwirire. Ogulitsa amadziwa masamu, ndipo amaziona zimenezi mwamsanga kuposa amene anakonza fomuyo.

Ambiri akaona izi amathamangira kusintha magawo, kuti zikhale 50 kwa 50. Ine sindikhulupirira kuti mankhwala ali pamenepo. Wogulitsa analembedwa ntchito kuti agulitse, ndipo kampani imene imapereka theka la malikisi pa zinthu zovuta kuyeza imataya anthu ake akhama, amene amapita kumene thukuta lawo likawerengedwe. Poyambira pabwino ndi kufunsa ngati chiwerengero cha malondacho chili choona.

Bwererani ku K65 miliyoni ija. Ku ofesi ya zachuma kukuoneka kuti K12 miliyoni ndi ngongole zimene zadutsa masiku 90 zisanalipidwe. Katundu wa K5 miliyoni anabwezedwa mu Januwale, chifukwa mu Disembala bamboyu anaunjikira eni magolosale makatoni amene sakanatha kuwagulitsa, n'kuwauza kuti adzabweza chaka chikatha. Tikachotsa zimenezi, ndalama zenizeni zimene zalowa ndi K48 miliyoni, 96 peresenti ya tageti, malikisi 3. Mayiyu ali ndi ngongole yakale ya K1 miliyoni yokha, choncho watsala ndi K46.5 miliyoni, 93 peresenti, malikisi 3 omwewo. Tsopano bambo ali ndi 2.7, mayi ali ndi 3.6, ndipo magawo a 70 ndi 30 sitinawakhudze.

Apa pali chinthu chimene mabwana ambiri sachiona: mbali yaikulu ya zimene timazitcha khalidwe la wogulitsa imasiya mapazi m'mabuku a ndalama. Wonamiza kasitomala amaonekera pa katundu wobwezedwa. Wokongoza mwachisawawa amaonekera pa ngongole zokalamba. Wotsitsa mitengo kuti angogulitsa amaonekera pa phindu lochepa. Ndipo ngati malonda a munthu amakwera modabwitsa sabata yomaliza ya mwezi uliwonse n'kugwa sabata yotsatira, muyenera kutsegula mainvoisi ake limodzilimodzi. Ku Wells Fargo chizindikiro chinali chofanana: maakaunti ambiri atsopano amene munalibe ndalama ndipo palibe ankawagwiritsa ntchito.

Komabe si zonse zimalowa m'mabuku. Kulanda makasitomala a mnzako, kusaina m'malo mwa kasitomala, kupereka kangachepe kwa wogula katundu wa kampani ina kuti akupatse oda, zimenezi zikhoza kubweretsa ndalama zolowadi m'banki. Zoterezi siziyenera kukhala gawo la peresenti ayi. Ziyenera kukhala chipata. Kampani ilembe zinthu zochepa, zinayi kapena zisanu, n'kunena poyera kumayambiriro kwa chaka kuti wopezeka atachita chimodzi mwa izo malikisi ake onse sangadutse 2 ndipo bonasi palibe, kaya wagulitsa zochuluka bwanji.

Jack Welch, amene anatsogolera kampani ya General Electric kuyambira 1981 mpaka 2001, ankagawa mabwana a pansi pake m'magulu anayi. Wokwanitsa ntchito ali ndi makhalidwe a kampani, ameneyo ngwokwezedwa. Wolephera zonse ziwiri, ngwochotsedwa. Wamakhalidwe abwino koma wosafika pa tageti, ngwopatsidwa mwayi wina. Gulu lachinayi ndilo ankati limavuta: munthu wobweretsa ndalama koma wopondereza anzake ndi kuphwanya mfundo za kampani. Chigamulo chake chinali chakuti ameneyonso achoke. Pali zambiri zimene anthu amatsutsana nazo pa utsogoleri wa Welch, koma apa analoza pamene pali chilonda. Bwana amene bonasi yake imadalira malonda a gulu lake zimamuvuta kulanga munthu amene akumudyetsa. N'chifukwa chake chigamulo chakuti wina waphwanya chipata chisasiyidwe m'manja mwa bwana wa malonda yekha. Pakhale wa ku ofesi yoona za antchito ndi wa zachuma.

Tsopano mbali ina ya nkhaniyi, imene imandidetsa nkhawa chimodzimodzi. Malikisi a khalidwe ndi khomo limene kukondera kumalowera mosavuta. Fomu ikangolemba kuti "kukhulupirika" kapena "kugwirizana ndi anzake" popanda kufotokoza, bwana amapereka 5 kwa amene amamuseketsa ndi kumupatsa ulemu wambiri, n'kupereka 2 kwa amene anamutsutsa pa msonkhano. Mabwana ena, poopa kudana ndi anthu, amangopatsa aliyense 4, ndipo zikatero 30 peresenti ija yafa, chifukwa sikusiyanitsanso munthu ndi mnzake. Palinso chizolowezi chokumbukira za mwezi watha wokha, n'kuiwala miyezi khumi ndi umodzi.

Njira yotsekera khomo limeneli ndi kulemba khalidwe lililonse ngati chinthu chooneka ndi maso. M'malo mwa "kukhulupirika", fomu inene kuti wogulitsa amauza kasitomala mtengo ndi masiku olipirira monga zilili pa invoisi, ndipo amapereka ndalama zimene watolera tsiku lomwelo. Kenako ifotokoze kuti 1 amaoneka bwanji, 3 amaoneka bwanji, 5 amaoneka bwanji. Bwana wopereka 2 kapena 5 alembe zochitika zosachepera ziwiri, ndi masiku ake. Akalephera kutchula chochitika, malikisi abwerere pa 3. Umboni usachokere kwa iye yekha: pali buku la madandaulo, pali a kosungira katundu amene amalandira zobwezedwa, pali makasitomala ochepa amene munthu wina angawaimbire foni. Pomaliza mabwana a madera onse akhale pamodzi kuyerekeza malikisi awo asanawapereke, kuti 4 wa bwana wofatsa asapose 3 wa bwana wouma mtima.

Kuno ku Malawi kulemba umboni kotereku kuli ndi phindu linanso. Lamulo la za ntchito la mu 2000, pa gawo 57, limati munthu asachotsedwe ntchito popanda chifukwa chomveka chokhudza luso lake, khalidwe lake kapena zofunika pa kayendetsedwe ka kampani, ndiponso kuti apatsidwe mwayi woyankhapo pa zimene akunenezedwa za luso kapena khalidwe. Kampani imene kwa zaka zitatu yakhala ikupatsa wogulitsa malikisi apamwamba, kenako n'kumuchotsa ponena kuti khalidwe lake lakhala loipa kuyambira kale, idzavutika kufotokoza zimenezi ku khoti la za ntchito. Mafomu ake omwe adzakhala mboni yomutsutsa bwanayo.

Chotsala ndi tageti yeniyeniyo. Ngati mwa ogulitsa khumi mmodzi yekha ndiye akufika, ndipo mmodziyo ndi amene ali ndi madandaulo ambiri, vuto lisafunidwe mwa asanu ndi anayi aja. Dera la m'tauni ndi dera la kumudzi kumene misewu imaduka nthawi ya dzinja sangapatsidwe mlingo umodzi, ndipo miyezi imene katundu anasowa kosungira isawerengedwe pa mutu wa wogulitsa. Mitengo ikakwera pakati pa chaka, ndalama za malonda zimakwera zokha ngakhale makatoni ogulitsidwa achepa, choncho ndi bwino kuwerenga makatoni pambali pa makwacha.

Inu amene mukukonzekera kuunika ogulitsa anu, musanasaine fomu iliyonse pemphani mapepala atatu ku ofesi ya zachuma: mndandanda wa ngongole zodutsa masiku 90, wa katundu wobwezedwa, ndi wa malonda a sabata yomaliza ya mwezi uliwonse. Ndipo chipata chija muwauze antchito kumayambiriro kwa chaka, molemba, aliyense asaine kuti wachiona.