Tsiku limodzi, mawerengedwe awiri: kusunga kalembedwe kofanana m'chikalata chachitali

Deti lolembedwa 03/04/2024 Mmalawi amaliwerenga kuti 3 Epulo, pomwe munthu wa ku Amereka, kumene amayamba kulemba mwezi, amaliwerenga kuti 4 Malichi. Likakhala tsiku lomaliza kulipira pa mgwirizano, anthu awiriwa asiyana ndi pafupifupi mwezi wathunthu, aliyense ali ndi pepala lomwelo m'manja.

Zotere zimachitika kwambiri m'malipoti aatali chifukwa salembedwa ndi munthu mmodzi. Owerenga amazolowera kalembedwe ka masamba oyambirira n'kuyembekezera komweko mpaka kumapeto, ndiye kakasintha amaganiza kuti tanthauzo nalo lasintha. N'chifukwa chake akonzi amasunga tsamba limodzi la malamulo a kalembedwe, pomwe amalembapo chimene asankha pa nkhani iliyonse, limodzi ndi chitsanzo chake.

Tiyerekeze kuti bungwe lina logawa mbewu ku Dedza ndi ku Angonia, tsidya lina la malire ku Mozambiki, likulemba lipoti la pachaka. Mutu wochokera ku Dedza ukuti matumba 1,500. Wa ku Angonia ukuti matumba 1.500, ndipo wolemba wake sanalakwe: m'Chipwitikizi mpumiro ndiwo umalekanitsa masauzande, pomwe mpatuliro umaima patsogolo pa tizigawo ta nambala, moti matani awiri ndi theka amalembedwa 2,5. Mkonzi amene sakudziwa izi angawerenge matumba 1.500 ngati thumba limodzi ndi theka. Choncho pa tsamba lija pamalembedwa kuti masauzande azilekanitsidwa ndi mpatuliro, tizigawo ndi mpumiro, monga 1,500.75, ndipo manambala onse a ku Angonia amasinthidwa limodzilimodzi atafunsidwa mwini wake.

Pa madeti, njira yosasokoneza ndi kulemba mwezi m'mawu, monga 3 Epulo 2024. M'matebulo mungagwiritsidwe ntchito dongosolo la ISO 8601, lomwe linakhazikitsidwa mu 1988. Ilo limayamba ndi chaka, kenako mwezi, n'kumaliza tsiku: 2024-04-03. Madeti otengedwa mu Excel amafuna diso lakuthwa. Kompyuta ikatcheredwa mwa Chiamereka, imatenga 03/04/2024 ngati 4 Malichi, koma 25/04/2024 imausiya ngati mawu wamba poti kulibe mwezi wa 25. Chizindikiro chake chimaoneka ndi maso: mu mzere umodzi wotsika, madeti ena amakhalira kudzanja lamanja pomwe ena atsamira kumanzere.

Zidule za mayina nazo zili ndi lamulo lake. Dzina limalembedwa lonse pamene likutchulidwa koyamba, chidule chake pambali, ndipo kuchokera pamenepo chidulecho sichisinthanso. Ndalama ya Malawi anthu amailemba K, MK kapena MWK, ndipo zonse n'zodziwika, koma lipoti limodzi lisankhepo chimodzi. Ngati likukhudzanso Zambia, K payekha sakwanira chifukwa nakonso ndalama ndi kwacha. MWK ndi ZMW ndizo zimasiyanitsa.

Kalembedwe ka Chichewa kalowenso pa tsambali: kodi dzina la dziko likhala ndi ŵ kapena w wamba, nanga nkhodolero ya mu ng'ombe ndi m'mudzi ikhala yoongoka kapena yopindika? Kompyuta imatha kuziona ziwirizi ngati zizindikiro zosiyana, ndiye wofufuza imodzi angaphonye inzake.

Poyang'ana zolakwa, mkonzi amadutsa m'chikalata kangapo, ulendo uliwonse akusaka chinthu chimodzi. Mu Word amadina Ctrl+F n'kulemba /2024 kuti apeze madeti a manambala okhaokha, kenako MK, kenako MWK. Batani la Replace All n'loopsa: kusintha mipumiro yonse kukhala mipatuliro kungakonze 1.500 koma n'kuwononga 2.5 ndi mathero a ziganizo zonse. Mitu ya matebulo, mawu a m'munsi mwa tsamba ndi zithunzi za magalafu aziona pazokha, chifukwa manambala a m'chithunzi kompyuta siiwapeza.

Komabe kutsatira lamulo limodzi sikuthetsa zonse. M'chigawo cha Maine ku Amereka, buku lotsogolera olemba malamulo limalangiza kusaika mpatuliro patsogolo pa chinthu chomaliza mu mndandanda. Lamulo lina, lotchula ntchito zimene sizilandira malipiro a maola owonjezera, linatsatira zimenezo, ndipo mathero ake sankadziwika ngati akunena ntchito ziwiri, kulongedza katundu ndi kumugawa, kapena imodzi yokha ya kulongedza. Madalaivala a kampani ya mkaka ya Oakhurst, omwe ankagawa katundu koma osalongedza, anakasuma. Mu 2017 khoti la apilo linati chiganizocho chili ndi matanthauzo awiri ndipo chimasuliridwe mokomera antchito, ndipo mu 2018 kampaniyo inavomera kulipira madola 5 miliyoni. Aphungu a nyumba ya malamulo ya chigawocho anaukonza mndandandawo poika chizindikiro cha ; pakati pa ntchito iliyonse ndi inzake.