Thukuta lopanda kunjenjemera: piritsi la bipi likabisa kutsika kwa shuga

Munthu amene wakhala ndi matenda a shuga kwa zaka zingapo amalidziwa thupi lake ngati mmene mlimi amadziwira mitambo ya mvula. Mukamufunsa amadziwa bwanji kuti shuga watsika, sachedwa kuyankha: manja amayamba kunjenjemera, mtima uli phaphapha, m'mimba muli njala yolusa. Akangomva zimenezi amathamangira kapu ya tiyi wa shuga kapena switi, pakapita kanthawi thupi limabwerera m'malo. Ambiri apulumuka chotero kosawerengeka, opanda ngakhale kamakina koyezera shuga pakhomo.

Koma pali gulu lina la mankhwala a mtima ndi bipi limene limatha kuzimitsa zizindikiro ziwiri zoyambazo, kunjenjemera ndi kuthamanga kwa mtima, shugayo akupitirirabe kutsika. Achipatala amawatcha mabeta buloka. Ofala m'zipatala zathu ndi puropuranololo ndi atenololo, ndipo palinso bisopurololo, metopurololo ndi kavedilolo. Mukayang'ana pa kapepala ka mankhwala kapena m'buku lanu la kuchipatala, maina awo pafupifupi onse amathera ndi zilembo zitatu izi: l, o, l.

Kuti timvetse mmene piritsi limabisira chizindikiro, tiyambe ndi kumene chizindikirocho chimachokera. Ubongo susunga chakudya chake. Umadalira shuga amene magazi akubweretsa mphindi iliyonse. Shuga akatsika kufika pa 3.9 mmol/L, yomwe pa timakina tina imaoneka ngati 70 mg/dL, thupi limaona kuti zinthu zavuta ndipo timinofu tiwiri tokhala pamwamba pa impso timatulutsa madzi otchedwa adirenalini. Ndi madzi omwe aja amene amatuluka mukakumana ndi njoka panjira. Adirenalini amayenda m'magazi n'kukagogoda pa timakomo ting'onoting'ono totchedwa beta. Timakomo ta beta 1 tachuluka mumtima, ndipo tikagogodedwa mtima umathamanga. Ta beta 2 tili m'minofu ya manja ndi miyendo, kumene kumachokera kunjenjemera, komanso m'chiwindi, chomwe ndi nkhokwe ya shuga ya thupi. Choncho adirenalini amagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi: amachenjeza mwini thupi kuti adye, ndipo amalamula chiwindi kuti chitapule shuga m'nkhokwe.

Beta buloka amakakhala pa timakomo timeneti n'kutitseka. Ndiyo ntchito imene anapangidwira, ndipo ndi ntchito yabwino. Mtima wotopa kapena umene unadwalapo umafuna kupumula ku adirenalini. James Black, wasayansi wa ku Scotland amene anatulukira puropuranololo m'zaka za m'ma 1960, analandira mphoto ya Nobel mu 1988 makamaka chifukwa cha ntchito yotereyi. Puropuranololo yemweyo amaperekedwanso dala kwa anthu a vuto la kunjenjemera manja. Vuto ndi lakuti piritsi silisankha. Silidziwa ngati adirenalini wabwera chifukwa cha nkhawa kapena chifukwa choti ubongo ukusowa chakudya. Limangotseka pakhomo basi.

Tiyerekeze ndi mayi a zaka 62 amene akhala akumwa gilibenikilamaidi wa mamiligalamu 5 m'mawa uliwonse kwa zaka zisanu ndi zitatu. Mwezi watha anawapeza ndi bipi yokwera, ndipo pa mankhwala amene anawalembera panali puropuranololo wa mamiligalamu 40 kawiri pa tsiku. Ndi mu Januwale, nyengo yopalira, ufa wachepa m'nyumba. Adzuka 5 koloko, amwa mapiritsi onse ndi tiyi wopanda shuga, poti achipatala anawaletsa shuga, phala lotsala awasiyira adzukulu. Atenga khasu, ulendo wa kumunda.

Gilibenikilamaidi amakakamiza kapamba kutulutsa insulini, kaya munthu wadya kapena ayi. Kupalira nakonso kukudya shuga m'minofu. Pofika 9 koloko shuga wawo ali pa 3.8. Chaka chatha pa nthawi ngati imeneyi khasu likanayamba kugwedera m'manja, mtima ukanakwera kuchoka pa 76 kufika pafupifupi 100 pa mphindi, ndipo akanakhala pansi pa mtengo n'kutafuna nzimbe. Lero mtima uli phee pa 62, manja ali nganganga. Chimene chabwera ndi thukuta lokha, lili kamukamu mpaka duku lanyowa. Koma ndani sachita thukuta popalira? Apukuta kumaso ndi chitenje, apitiriza mzere.

Pofika 10 koloko shuga ali pa 3.0. Apa pakuonekera vuto lachiwiri, limene anthu ambiri salidziwa: chiwindi chimene chikanathandiza kukweza shuga chatsekeredwanso khomo, choncho chikutapula pang'onopang'ono. Patapita theka la ola ali pa 2.5, ndipo tsopano wayamba kulephera ndi ubongo weniweni. Maso achita chidima, adula phesi la chimanga m'malo mwa udzu. Mdzukulu wawo afika ndi madzi akumwa.

"Agogo, mwatani kodi? Bwanji mukudula chimanga?"

"Choka apa iwe!" akutero gogoyo, mawu akukokeka ngati a munthu woledzera, chonsecho ndi munthu wofatsa amene sanalawepo mowa.

Apa ndi pamene pamandidetsa nkhawa kwambiri. Zizindikiro zoyamba zija zimabwera munthu akadali ndi nzeru zake, akutha kudzithandiza yekha. Zomalizazi, kusokonezeka mutu, kulusa, kulankhula zosamveka, kuphenira, khunyu ndi kukomoka, zimabwera nzeru zodzithandizira zitachoka kale. Piritsi ladula gawo la ulendo limene munthu akanatha kubwererapo yekha. Ndipo apabanja akaona zotere amaganiza za sitiroko, malungo aakulu kapena zamatsenga, nthawi n'kumapita.

Nanga thukuta lija linadutsa bwanji pa khomo lotseka? Silinadzere pamenepo. Mitsempha imene imalamula thukuta imagwiritsa ntchito mthenga wina, asetayilikolini, amene beta buloka samukhudza. N'chifukwa chake thukuta limakhalapobe, ndipo mwa ena limachuluka kuposa kale. Njala yadzidzidzi ndi kunyerenyesa kwa milomo kapena nsonga za zala zimadzeranso njira yomweyo. Choncho wodwala shuga amene wayamba beta buloka ayenera kuphunzira thupi lake mwatsopano. Thukuta lozizira lobwera mwadzidzidzi, munthu atangokhala pamthunzi, kapena kudzuka usiku zofunda zitanyowa, azilitenga ngati kunjenjemera kwa kale kuja. Asadikire kuti mtima uvomereze.

Tisakuze nkhaniyi kuposa msinkhu wake. Beta buloka payekha satsitsa shuga kawirikawiri mwa munthu wamkulu amene akudya bwino. Amene ali pa chiopsezo chenicheni ndi obaya insulini ndi omwa gilibenikilamaidi kapena mankhwala a gulu lake. Womwa metifomini yekha shuga wake satsika chisawawa. Chiopsezo chimakula kwa okalamba, kwa amene impso zawo zafooka poti mankhwala amachedwa kutuluka m'thupi, kwa osala kudya, ndi kwa omwa mowa pamimba yopanda kanthu, chifukwa mowa nawonso umamanga chiwindi manja. Palinso ena amene shuga wawatsikira kambirimbiri mpaka thupi linaleka kale kuchenjeza. Kwa iwo piritsili likuchotsa zochepa zimene zinatsala.

Mabeta bulokawo sali ofanana. Puropuranololo amatseka timakomo ta mitundu yonse iwiri, n'chifukwa chake amazimitsa mtima, manja ndi chiwindi pamodzi. Atenololo, bisopurololo ndi metopurololo amalunjika kwambiri pa mtima. Amabisabe kuthamanga kwa mtima, koma kunjenjemera ndi ntchito ya chiwindi amazisiyako, ngakhale kusankha kumeneku kumachepa mlingo ukakwera. Ngakhale mankhwala odontheza m'maso a timololo, amene amaperekedwa kwa odwala gulukoma, amalowa m'magazi ndipo ndi a mtundu wotseka zonse. Ndiye mayi athu aja akabwerera kuchipatala, funso loyenera ndi lakuti: kodi beta buloka ndi wofunikadi kwa iwo? Ngati vuto ndi bipi yokha, pali mankhwala ena monga amulodipini kapena enalapurili amene sabisa kanthu. Ngati ali ndi vuto la mtima limene likufuna beta buloka, dokotala angasankhe wolunjika pa mtima, n'kuonanso mlingo wa gilibenikilamaidi. Kwa munthu amene mtima unamugwirapo kapena unafooka, phindu la mankhwalawa limaposa vuto limene tikukambali.

Chimene sichiyenera kuchitika ndi kungolitaya piritsilo wekha. Thupi likazolowera beta buloka limachulukitsa timakomo tija. Mukasiya mwadzidzidzi, adirenalini amapeza makomo ambiri ali pululu, mtima n'kuthamanga koopsa, bipi n'kukwera, ndipo amene mitsempha ya mtima wawo ndi yopanikizika angamve chifuwa kupweteka kapena mtima kuwagwira kumene. Mankhwalawa amachepetsedwa pang'onopang'ono, achipatala akuyang'anira.

Tibwerere kumunda. Mdzukulu uja ngati anauzidwapo, sadikira china. Agogo akadali maso ndipo akutha kumeza, asungunule masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga m'madzi aja, pafupifupi magalamu 15, awamwetse. Theka la botolo la Fanta limagwiranso ntchito yomweyo, bola chisakhale chakumwa cholembedwa kuti mulibe shuga. Adikire mphindi 15. Ngati pali kamakina ayeze, ndipo shuga akakhala kuti sanafike pa 4.0, kapena agogo sanabwerere m'nzeru zawo, abwereze. Chiwindi chikadali chomangika, ndiye kubwereza kawiri kapena katatu si chachilendo. Akatsitsimuka adye chakudya chokhalitsa m'mimba: nsima, phala, mbatata kapena chinangwa. Pamene palibe choyezera ndipo pali chikayiko, ndi bwino kupereka shugayo. Masupuni atatu savulaza munthu amene shuga wake ndi wokwera, koma kuwamana amene shuga watsika kungawononge ubongo.

Akakhala kuti akomoka kapena sakutha kumeza, musawathire chilichonse m'kamwa, angatsamwe n'kulowa m'mapapo. Agonekeni chammbali, mungawapake shuga wonyowa pang'ono mkati mwa tsaya, ndipo fulumirani nawo kuchipatala kumene amabaya shuga wa mumtsempha. Tengani mapiritsi onse ndi buku lija. Ngakhale atadzuka bwinobwino kumunda konko, apitebe tsiku lomwelo, chifukwa gilibenikilamaidi amakhala m'thupi tsiku lathunthu kapena kupitirira, ndipo shuga angatsikenso usiku ali m'tulo, mtima ukugunda phee pa 62.