Kulipira Msanga Kapena Kudikira Tsiku Lake: Masamu a Wogulitsa Mbewu ku Zemba

Wamalonda wa ku Zemba amene amaoda mbewu, feteleza ndi mankhwala a m'munda ku Chipata kawirikawiri amauzidwa mitengo iwiri pa katundu yemweyo. Pali mtengo wa munthu wolipira msanga, ndipo pali wa munthu amene wati adikire mpaka tsiku la pangano. Ambiri amayang'ana kusiyana kwa mitengo iwiriyi, n'kuona kuti ndi K2 yokha pa K100 iliyonse, basi n'kusankha kudikira. Ine ndikuona kuti apa pamatayika ndalama zambiri. Ena amachita zosiyana, amathamangira kukakongola ndalama zodula kuti apeze kuchotseredwako, ndipo nawonso amataya. Zinthu zofunika kuziika pa sikelo ndi ziwiri: phindu limene kulipira msanga kumabala, ndi mtengo wa ndalama zimene mulipirire msangazo.

Tiyerekeze ndi manambala ongopereka chitsanzo. Mwatenga katundu wa K50,000 ndipo wopikulitsa wati mukalipira pasanathe masiku 10 akuchotserani 2 peresenti, apo ayi mudzalipira zonse pa tsiku la 30. Pa mapepala a makampani akuluakulu pangano lotere limalembedwa kuti 2/10 net 30. Mukalipira pa tsiku la 10 mupereka K49,000, ndipo mukadikira la 30 mupereka K50,000.

Ngongole yeniyeni apa ndi K49,000, chifukwa ndi imene ingatseke nkhani yonse pa tsiku la 10. K1,000 yapamwambayo ndi chiwongoladzanja chimene mukulipira posunga ndalama za mwini katundu masiku ena 20. Tikaitembenuza nkhaniyi, kulipira msanga kuli ngati kuika K49,000 m'malonda amene abweza K1,000 pakatha masiku 20, ndipo kubwezako n'kotsimikizika chifukwa ngongoleyo mukanailipirabe. Pogawa, gawani K1,000 ndi K49,000 imene yatulukadi m'thumba, osati K50,000. Yankho lake ndi 2.04 peresenti. Masiku owerengera ndi 20 basi, pakuti masiku 10 oyambirira ndi aulere kwa aliyense, kaya alipire msanga kaya mochedwa. Ndiye chifukwa chake palibe chimene mupindula polipira pa tsiku lachitatu. Tsiku loyenera ndi la 10 lenilenilo.

Mabanki amatchula chiwongoladzanja chawo pa chaka, choncho nafenso tiyenera kufikitsa 2.04 peresenti ija pa chaka kuti zinthu ziwirizi ziyezedwe ndi muyeso umodzi. M'chaka muli zigawo 18.25 za masiku 20.

```
1000 / 49000 x 365 / 20 = 0.372
```

Phindu lake ndi 37.2 peresenti pa chaka. Ngati phindu lililonse mukanalibwezera m'malonda omwewo kuti nalo libale, likanafika pa 44.6 peresenti, koma poyerekeza ndi ngongole ya masiku ochepa, 37.2 ija ndi yokwanira. Nambalayi sikutanthauza kuti pakutha pa chaka mudzakhala ndi K18,000 yoonjezera. Zimenezo zingatheke pokhapokha mwayi woterewu ukamabwera masiku 20 alionse chaka chonse, pamene malonda a mbewu ndi feteleza ali ndi nyengo yake. Ntchito ya 37.2 ndi kukuuzani malire: ndalama iliyonse imene mungaipeze pa mtengo wotsika kuposa pamenepo ndi yoyenera kulipirira msanga, ndipo yodula kuposa pamenepo si yoyenera.

Tsopano mbali yachiwiri ya sikelo. Mtengo wa ndalama si umodzi kwa anthu onse. Mu Febuluwale 2025 Banki Yaikulu ya Zambia inakweza chiwongoladzanja chake chotsogolera kufika pa 14.5 peresenti, koma wamalonda wa ku Zemba sakongola pa mtengo umenewo. M'chaka cha 2024 mabanki a malonda ankabwereketsa pa chiwongoladzanja cha pafupifupi 28 peresenti pa chaka. Munthu amene banki inamulola kale kutapa kupitirira ndalama za mu akaunti yake, akatenga K49,000 kwa masiku 20 pa 28 peresenti, alipira K752. Wapulumutsa K1,000, walipira K752, watsala ndi K248. Ndi phindu ndithu, koma lochepa kwambiri, moti banki ikangofuna 1 peresenti ya ndalama yokonzera ngongole, imene ndi K490, phindulo latha ndipo wayamba kuluza. Ngongole ya masiku ochepa imalemedwa kwambiri ndi ndalama zolipira kamodzi zoterezi, chifukwa zilibe masiku ambiri ozigawirapo. Onjezaninso mtengo wa ulendo wa ku Chipata ngati ndalama ziyenera kukaperekedwa pamanja, kapena zimene amadula potumiza pa foni.

Koma anthu ambiri a magolosale ndi mashopu a mbewu ku Zemba sakongola ku banki. Amapita ku gulu losunga ndi kubwereketsa la m'mudzi, limene ku Malawi amati banki mkhonde, kapena kwa munthu wa kaloba, katapila uja. M'magulu oterewa chiwongoladzanja chimatchulidwa pa mwezi, ndipo 10 peresenti pa mwezi si yachilendo. Apa m'pamene anthu amasokonezeka, chifukwa khutu limamva 10 kukhala yochepa poyerekeza ndi 37. Komatu 10 pa mwezi ndi 120 pa chaka. K49,000 ya m'gulu ifuna K4,900 pakutha pa mwezi, ndipo magulu ambiri sawerenga masiku, mwezi ndi mwezi ngakhale mubweze pa tsiku la 20. Ndiye kuti mwalipira K4,900 kuti mupulumutse K1,000. Ngati muli membala, gawo lina la chiwongoladzanjacho lidzabwerera kwa inu pa tsiku logawana, koma m'gulu la anthu 20 gawolo ndi laling'ono, silingatseke dzenje la K3,900. Kwa wokongola pa mwezi, malire osavuta kusunga pamtima ndi awa: 2.04 peresenti pa masiku 20 ndi pafupifupi 3 peresenti pa mwezi, ndipo ngati amabwereketsa mwezi wathunthu, malirewo amatsika kufika pa 2 peresenti. Kaloba sayandikira n'komwe pamenepo. Kwa munthu wotere ngongole ya wopikulitsa, ngakhale ndi ya 37 peresenti, ndiyo yotchipa kuposa zonse zimene angazipeze, ndipo akuchita mwanzeru akadikira tsiku la 30.

Nanga amene ali ndi ndalama zakezake? Nazonso zili ndi mtengo, womwe ndi phindu la ntchito ina imene zikanagwira m'masiku 20 omwewo. Apa nyengo ndiyo imalamula. M'mwezi wa Novembala, mvula ikayamba kuthonya ndipo alimi akuima pamzere kufuna mbewu ya chimanga, K49,000 ingathe kuoda katundu wina amene atha pasanathe milungu itatu. Ngati phindu la katunduyo ndi 8 peresenti mutachotsa mayendedwe, ndiye kuti ndi K3,920, kuposa K1,000 ija pafupifupi kanayi. Kulipira msanga panthawi imeneyo n'kusiya shelefu yopanda kanthu ogula ali pakhomo. M'mwezi wa Febuluwale zinthu zimatembenuka. Anthu alibe ndalama, malonda aima, ndipo ndalama yongogona mu akaunti kapena pa foni sibala kanthu kooneka pamene mitengo ya zinthu ikukwera. Kumapeto kwa 2024 kukwera kwa mitengo m'Zambia kunali pa 16.7 peresenti pa chaka. M'nyengo yotere palibe malo ena apafupi amene ndalama ingabale 37 peresenti mosakayikitsa, ndipo kukana kuchotseredwako n'kutaya chabe. Chenjezo ndi limodzi: katundu woonjezerayo ayenera kukhala wogulitsikadi m'masiku amenewo. Mbewu yotsala mpaka Januwale ilibenso wogula, ndipo 8 peresenti ya pa pepala imasanduka kuluza.

Chinthu chimene chimasintha masamuwa kuposa china chilichonse ndi masiku. Pepala likhoza kunena tsiku la 30, koma ngati wopikulitsa amakudziwani ndipo amalandira ndalama zake pa tsiku la 60 popanda chilango, ndiye kuti mukulipira msanga ndi masiku 50. K1,000 ndi yomweyo, koma phindu la pa chaka latsika kufika pa 14.9 peresenti. Ngongole ya banki ya masiku 50 pa 28 peresenti ingadye K1,879, ndipo sikelo yapendekera mbali ina. Sindikulimbikitsa kuzengereza dala. Wopikulitsa amene mwamuchedwetsa kawiri amayamba kukuuzani kuti katundu watha pa nthawi imene feteleza wa yuriya akusowa, kapena amakweza mtengo wanu mwakachetechete, ndipo zimenezo sizioneka m'masamu a pamwambawa. Koma ngati masiku 60 ndiwo mgwirizano weniweni umene nonse mumaudziwa, werengerani amenewo.

Mphamvu ya masikuyi imaonekanso pa pangano lina lofala kumidzi, lolipira pambuyo pokolola. Tinene kuti thumba la feteleza ndi K1,000 lero, kapena K1,100 pakatha miyezi 6. K100 imaoneka yaikulu, ndipo wogula amadandaula kuti wadyeredwa. Koma 10 peresenti pa theka la chaka ndi 20 peresenti pa chaka, kutsika kuposa banki, ndipo ndi pafupifupi theka la mtengo wa 2 peresenti ija imene anthu amaiona ngati yopanda pake. Munthu wokongola ku banki pa 28 peresenti kuti agule thumbalo pa mtengo wa lero alipira K140 pofuna kupewa K100. Kukula kwa ndalama yochotsedwa pakokha sikunena kanthu mpaka mutafunsa kuti ndi ya masiku angati.

Pali zina ziwiri zimene ndimaziika pa sikelo masamu atatha. Choyamba, ndalama ikachoka m'manja mwanu, mphamvu yanu yodandaula imachepa. Ngati matumba afika osakwana kapena mbewu ili ndi deti lotha, wosalipira amangochotsa mtengo wake pa ngongole, pamene wolipira kale ayenera kuyenda maulendo kukapempha kubwezeredwa. Choncho masiku 10 aja ndi owerenga katundu, kuyang'ana madeti ndi kutsimikiza kuti kuchotserako kwalembedwa pa lisiti, komanso kufunsa ngati masikuwo ayambira pa deti la pepala kapena pa tsiku limene katundu wafika ku Zemba. Galimoto ikachedwa masiku anayi pa msewu wa matope, kusiyana kumeneku n'kwakukulu.

Chachiwiri ndi ndalama yosungira zadzidzidzi. Alimi ambiri amene amakongola pa shopu amayembekezera malipiro a chimanga chimene anagulitsa ku FRA, ndipo zaka zina malipirowo amachedwa. Wamalonda amene wakokolola ndalama zonse kulipira msanga, kenaka n'kusowa ya lendi kapena ya wopikulitsa wina, amakathera kwa kaloba. Atakongola K10,000 yokha pa 30 peresenti pa mwezi alipira K3,000, katatu kuposa zimene anapulumutsa. Njira yapakati ilipo ngati wopikulitsa avomera: kulipira theka la ngongole pa tsiku la 10 n'kuchotseredwa pa theka limenelo. K24,500 imatseka ngongole ya K25,000, phindu lake ndi 37.2 peresenti yomweyo, ndipo K24,500 inayo imakhalabe m'manja mpaka tsiku la 30.