Zilembo zoti ziwerengeke kutsidya la msewu

Chikwangwani cha golosale chiyenera kuwerengeka kwa munthu amene waima kutsidya la msewu. Olemba zikwangwani ali ndi muyeso wake: pa mamita atatu alionse a mtunda, chilembo chizitalika masentimita awiri ndi theka. Ndiye ngati kuchokera pakhoma la sitolo kukafika pomwe anthu amadikira minibasi pali mamita 24, zilembo za dzina zisachepere masentimita 20. Kwa odutsa pa galimoto muwonjezerepo, chifukwa amangoponya diso kamodzi basi.

Vuto limabwera pa m'lifupi. Zilembo zazikulu chotere zimadya pafupifupi masentimita 15 chilichonse, kuphatikizapo mpata wa pakati pake. Dzina loti TIKONDANE, la zilembo 9, lifuna bolodi lopitirira mita imodzi ndi theka mukasiya malo m'mbali. Bolodi likachepa, wolemba amayamba motakasuka kenako n'kupanikiza zilembo zomaliza, zija timaziona zitafinyana pakona. Chepetsani mawu, osati zilembo. Mndandanda wa sopo, shuga ndi mafuta ukhale pakhomo.

Mtundu wa zilembo ukhale wosavuta: zoongoka, zonenepa mofanana paliponse, zopanda michira. Zopiringizika zimakongola pafupi, koma patali timizere take topyapyala timasowa. Kunenepetsa kwambiri nakonso kumatseka mabowo a A ndi O, chilembo n'kungooneka ngati chibulumwa. Penti yakuda pa yoyera kapena pa yachikasu imaoneka bwino. Yofiira imasuluka msanga padzuwa.

Musanagule penti, lembani kaye ndi choko, muwoloke msewu mukaziwerenge.