NAMBALA 18 NDIYO IMASULIRA MIYESO IWIRI YA SHUGA WA M'MAGAZI

Odwala nthenda ya shuga ambiri tsopano adzipima okha panyumba ndi kamakina kowerenga dontho la magazi a pa cala. Koma makinawa sawerenga mofanana onse. Zipatala za muno m'Zambia zilemba shuga m'mamilimolo pa lita, ndipo cizindikiro cake ndi mmol/L. Makina ena, makamaka ogulidwa ku Amereka ndi ku India, aonetsa mamiligalamu pa desilita, ndiwo mg/dL. Shuga ndi yemweyo, casiyana ndi muyeso cabe, monga cimanga cimene wina ayesa pa thini, wina pa sikelo.

Lamulo lake ndi limodzi. Pofuna mg/dL, munthu aculukitse nambala ya mmol/L ndi 18. Pobwerera ku mmol/L, agawe nambala ya mg/dL ndi 18. Nambalayi icokera apa: milimolo imodzi ya shuga wa m'magazi ilemera mamiligalamu 180, ndipo m'lita imodzi muli madesilita 10. Kugawa 180 ndi 10 kupatsa 18.

Mwacitsanzo, namwino alemba 7.0 pa khadi la munthu amene wapimidwa m'mawa asanadye kanthu. Kuculukitsa 7 ndi 18 kupatsa 126. Motero 7.0 mmol/L ndi 126 mg/dL ndi cinthu cimodzi, ndipo apa ndi pamene madokotala ayambira kuganizira nthenda ya shuga. Wopanda pensulo aculukitse 7 ndi 20, apeza 140. Acotsepo gawo limodzi mwa magawo khumi, ndilo 14, patsala 126 yemwe uja.

Ngozi ibwera pamene miyeso iwiriyi yasokonezeka. Wodwala amene anazolowera kumva kucipatala kuti 15 ndi shuga wokwera akhoza kuona 54 pa makina acilendo, nayesa kuti shuga wakwera koopsa. Koma kugawa 54 ndi 18 kupatsa 3.0 mmol/L. Shuga wake watsika kwambiri, pakuti malire a kutsika ali pa 3.9 mmol/L, ndiwo 70 mg/dL. Munthu wotere, kawirikawiri ali kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, afunika cakumwa cotsekemera msanga. Akaonjezera mankhwala otsitsa shuga kapena kudzibaya insulini, akhoza kukomoka ngakhale kufa kumene.

Kuzindikira muyeso sikuvuta. Zilembo zake zioneka pafupi ndi nambala pa galasi la makina. Ndiponso nambala ya mmol/L ikhala ndi kadontho, monga 5.6, pamene ya mg/dL ilibe kadontho, monga 101.

Lamulo la 18 ndi la shuga yekha; mafuta a m'magazi ali ndi nambala yao ina. Tsono wolemba zopima zake m'buku alembe nambala pamodzi ndi zilembo zake, ndipo popita kukiliniki atenge makinawo kuti namwino aone muyeso umene awerengera.