Kalata ya Loya Isanakhale Mlandu: Zoti Munyamule Tsiku Loyamba

Kalata yake imakhala yaifupi, nthawi zina ya tsamba limodzi lokha. Pamwamba pali dzina la ofesi ya maloya, m'munsi mwake tsiku ndi ola lokumana, kenako mndandanda wa zikalata zoti munthu abwere nazo ndi ndalama zoti alipire. Masiku ano ambiri amailandira pa WhatsApp. Amangoyang'ana tsiku ndi mtengo, zotsalazo n'kuzidumpha. Zimene amadumphazo ndi zimene zimachititsa kuti wina atuluke mwa loya atadziwa chochita, mnzake atuluke atangouzidwa kuti abwerenso sabata yamawa.

Tiyerekeze mayi wina wa ku Ndirande amene amuna ake anamwalira miyezi itatu yapitayo. Malemuwo anasiya nyumba, galimoto ndi ndalama kubanki, ndipo alamu ake ayamba kale kufunsa makiyi a galimotoyo. Mayiyu waimbira foni ofesi ina ya maloya ku Blantyre, ndipo mlembi wamutumizira kalata yotsimikiza kuti loya adzamuona Lachiwiri m'mawa.

Choyamba pa mndandandawo ndi chiphaso cha unzika, chija bungwe la National Registration Bureau linayamba kupereka kwa anthu onse mu 2017. Loya sakukayikira mayiyu ayi. Malamulo oletsa kuzembetsa ndalama zakuba amalamula maloya, monganso mabanki, kudziwa bwinobwino munthu amene akumugwirira ntchito. Komanso dzina limene lidzalembedwe pa zikalata za kukhoti liyenera kufanana ndi la pachiphaso chilembo ndi chilembo. Apa ndi pamene amayi ambiri amapunthwa, chifukwa pachiphaso pali dzina la bambo wowabereka, kubanki analembetsa la amuna awo, pa setifiketi ya ukwati pali kalembedwe kenanso. Loya akaona zimenezi tsiku loyamba, amakonzeratu chikalata cholumbira chofotokoza kuti mayina onsewo ndi a munthu mmodzi.

Chachiwiri ndi setifiketi ya imfa. Kapepala kamene chipatala chimapereka potulutsa mtembo, kapena kalata ya amfumu ngati munthu anamwalirira pakhomo, ndi poyambira chabe. Setifiketi yeniyeni imachokera ku bungwe lomwe lija la zolembera anthu, kudzera ku ofesi ya bwanamkubwa wa boma. Amene sanaitenge anyamulebe zimene ali nazo, koma adziwe kuti adzatumidwa kukaitenga.

Kenako pamabwera mzere wakuti "wilo, ngati ilipo". Mawu atatuwa ndi amene amasankha njira yonse. Malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011, wilo iyenera kukhala yolembedwa ndi yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Ikakhalapo, loya amapempha khoti kuti liivomereze, ndipo amene anatchulidwamo kuti ayendetse chumacho amagawa monga mwini wake anafunira. Ikapanda kukhalapo, pamafunika chilolezo cha khoti choyendetsera chuma cha masiye, ndipo lamulo limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu ndi ana ake, komanso anthu amene ankadalira iyeyo. N'chifukwa chake kalatayo imapemphanso umboni wa ukwati ndi mayina a ana onse ndi zaka zawo.

Mawu oti "ana onse" ndi owawa, ndipo ndi pamene amasiye ena amabisa mawu. Mwana amene malemu anabereka kunja kwa banja ndi mwanabe pamaso pa lamulo. Kumubisa tsiku loyamba sikumuchotsa. Kumangochititsa kuti adzatulukire mochedwa, ali ndi loya wakewake, kugawa kutayamba kale. Za ukwati n'zosavuta monga ambiri amaopera. Lamulo la maukwati la 2015 limavomereza ukwati wa kwa bwanamkubwa, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa chinkhoswe. Amene alibe setifiketi abwere ndi mayina a ankhoswe. Amene anangolowana, loya adzawauza kuti khoti ndilo liyenera kugamula ngati panali ukwati.

Zikalata za katundu zimadzifotokoza zokha: lizi kapena kalata ya malo a nyumba, bulubuku ya galimoto, sitetimenti ya kubanki, ndi mapepala a ngongole ngati zilipo, pakuti ngongole zimabwezedwa anthu asanagawane.

Pali mzere wina umene umadabwitsa ambiri, wopempha mayina a anthu amene mukulimbana nawo, ndipo maofesi ena amawafuna tsiku lokumana lisanafike. Chifukwa chake n'chakuti loya saloledwa kuimira mbali ziwiri zotsutsana. Ngati mlamu uja anafika kale mu ofesi yomweyo, ndi bwino zidziwike mayiyu asanakhuthule za kukhosi kwake. Zikatero ofesi imamuuza kuti akafune loya wina.

Tsopano ndalama, zimene zimadanitsa anthu ndi maloya awo. Tingoyerekeza kuti kalatayo yanena K50,000. Ndalama imeneyi ndi yolipira kukumana koyambako basi, kuti loya amve nkhani, awerenge zikalata, anene ngati pali mlandu ndi njira yoyenera. Sikutanthauza kuti waitenga nkhaniyo, ndipo sikuti kalata yopita kwa alamu ailemba pa mtengo womwewo. Akagwirizana zopitiriza, pamabwera dipoziti, imene loya amayenera kuisunga ku akaunti yapadera ya ndalama za makasitomala, n'kumachotsamo malinga ndi ntchito imene wagwira. Palinso ndalama zina zimene si za loya konse, monga zolipira kukhoti popereka zikalata, zofufuzira ku ofesi ya za malo, ndi zokaperekera masamoni. Mayi wochenjera amaimba foni n'kufunsa mafunso awiri: kodi msonkho wa boma uli kale m'kati mwa mtengowu, nanga ndalama ya tsiku loyambayi idzawerengeredwa pa bilu yonse akatenga mlanduwo? Maofesi amasiyana pa zimenezi, choncho yankho likhale lolembedwa.

Kalata yomweyi imathandizanso kuzindikira akamberembere, amene sasowa m'makonde a makhoti atavala masuti. Loya weniweni amakhala ndi chilolezo chogwirira ntchito chimene amachikonzanso chaka ndi chaka, ndipo bungwe la Malawi Law Society limatulutsa mayina a amene ali nacho. Kalata yopanda adiresi ya ofesi, yofuna kuti ndalama zitumizidwe pa nambala ya foni ya munthu wosatchulidwa udindo, kapena yolonjeza kuti mlandu mupambana asanaone pepala ndi limodzi lomwe, ndi yofunika kuikayikira. Lisiti iyenera kutuluka m'dzina la ofesi.

Amene waona mtengo n'kugwa ulesi asangokhala pansi. Boma lili ndi Legal Aid Bureau, imene inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011 kuti iziimira anthu osakwanitsa kulipira loya, ndipo pa za chuma cha masiye palinso ofesi ya Administrator General. Kumenekonso adzafuna zikalata zomwezi.

Lolemba madzulo mayi wa ku Ndirande uja ayale mapepala ake pamphasa motsatira mndandanda wa m'kalata, chilichonse ndi fotokope yake, pakuti loya amafuna kuona chenicheni koma nthawi zambiri amasunga fotokope. Ngati atafuna kutsala ndi chenicheni, monga wilo kapena lizi, alembe kuti walandira. Pa pepala lina mayiyu alembe madeti: tsiku la ukwati, tsiku la imfa, ndi tsiku limene alamu anabwera kudzafunsa makiyi, pamodzi ndi mayina a amene analipo pamene ankafunsa.